Momwe ndinakonzera modelo ya mota ya DC yosasonyeza liwiro lenileni

Modelo yanga inkati liwiro ndi 1 rad/s pa voti imodzi, pomwe mota yaing'ono patebulo inkangofika 0.1. Vuto loyamba linali back-emf. Ndinaisiya m'masamu a amacha, ngati kuti mota ikamazungulira sibweza magetsi.

Ndinalembanso mbali zonse ziwiri, ya magetsi ndi ya kazunguliridwe:

```
V = L di/dt + R i + K w
J dw/dt + b w = K i
```

Nditasintha ndi Laplace, ndinatulutsa I m'mzere woyamba n'kuiika mu wachiwiri:

```
W(s)/V(s) = K / ((Ls+R)(Js+b) + K^2)
```

K^2 ameneyu ndiye ankasowa. Ndinaika R = 1, b = 0.1, K = 0.1, poganiza kuti zonse zili m'mayunitsi a SI. Ndi s = 0, kutanthauza liwiro litakhazikika, timapeza 0.1/(0.1+0.01), pafupifupi 0.91. Kunatsala kusiyana kwakukulu ndithu.

Chotsala chinali K. Pa pepala la wopanga sanalembe Ke, yomwe ndi K ya back-emf, m'mayunitsi a SI, ine n'kukopera nambala osasintha. Mu SI, Ke ndi Kt, yomwe ndi K ya mphamvu yozungulitsa, zimafanana, ndipo nditasintha K inakhala 0.01. Tsopano 0.01/(0.1+0.0001) inapereka 0.0999, zogwirizana ndi takomita yoyezera liwiro la mota.