Momwe mungaonere ngati shall, may ndi must sanafooke pomasulira kontrakiti

Makontrakiti ambiri a renti ndi a ntchito muno mu Lusaka amalembedwa m'Chingerezi. Kope la Chinyanja ndi loti wosaina amve zimene akudzimangirira nazo, choncho liyenera kumanga molimba chimodzimodzi.

Tsegulani kope la Chingerezi pakompyuta, dinani Ctrl+F, mufufuze shall, must ndi may, liwu limodzilimodzi. Paliponse pamene mwalipeza lembani m'mbali kuti mawuwo akunena yani, komanso ngati akumulamula, akumulola kapena akumuletsa. Mukatero m'pamene muyang'ane Chinyanja chake.

Tinene kuti ndi nyumba ya ku Chilenje, renti K3,500, ndipo palembedwa kuti wochita lendi shall pay pofika pa 5 mwezi uliwonse. Omasulira ambiri amaika "adzalipira". Kumeneko n'kungonena za m'tsogolo, pamene loya anali kulamula. Lembani "ayenera kulipira", ndipo must mumasulire chimodzimodzi. Koma pamene akuti pangano shall commence pa 1 Juni palibe amene akulamulidwa, "lidzayamba" ali bwino.

May ndi chilolezo. Landilodi akapatsidwa may terminate, lembani "ali ndi ufulu wothetsa pangano". Mukaona "mwina adzathetsa", fufutani, chifukwa ufulu wasanduka chikayiko.

Pofunika kudekha kwambiri ndi pa mawu okana. Tengani shall not sublet. Womasulira amathamangira "sayenera kubwereketsa nyumba kwa wina", koma kwa owerenga ambiri "sayenera" amamveka ngati malangizo a akuluakulu, oti munthu akhoza kuwanyalanyaza osaona vuto. Choletsa chimveke kuti n'choletsa: "saloledwa". May not ndiye wovuta zedi, popeza pocheza amatanthauza kuti mwina sizichitika, koma m'kontrakiti nthawi zambiri amaletsa, ndiye nayenso ndi "saloledwa". Pali wina wofanana nawo maonekedwe koma wosiyana ntchito, shall not be required to. Ameneyu saletsa kanthu, amangomasula munthu. Ngati wochita lendi sakakamizidwa kupenta nyumba potuluka, inu n'kulemba "saloledwa kupenta", mwamuletsa chimene anali nacho ufulu. Apa pakhale "sakakamizidwa". Kuti mutsimikize, dzifunseni kuti munthuyo akachita chinthucho waphwanya pangano kapena ayi, ndipo yankho lifanane m'makope onse awiri.

Samalani ndi anyamata a m'mashopu otayipa m'tauni amene amatchaja motchipa pa tsamba lililonse n'kukupatsani pepala tsiku lomwelo. Chinyanja chawo chimakoma kuwerenga, koma "adza-" ali ponseponse.

Zotsalazo n'zachidule. Pezani munthu amene sanaone Chingerezicho abwezere ziganizo zimenezi zokha m'Chingerezi, mufananize. Werengani kuchuluka kwa shall ndi must olamula, muone ngati "ayenera" alipo ochuluka chomwecho. Musasaine musanaone chiganizo chonena kope limene lidzatsatidwe makope awiriwa akasemphana.