Momwe mungadayire nsalu ndi makoko a anyezi, mitundu itatu mupoto imodzi

Makoko ouma a anyezi aja timangotayawa amatulutsa utoto wabwino zedi, koma mtundu omwe mupeze sutengera makoko okha ayi, utengeranso nsalu yanuyo komanso chomwe mwainyikamo kuti utoto ugwire.

Yambani ndi kuiona nsaluyo. Ubweya wa nkhosa ndi silika zimamwa utoto msanga, mtundu umatuluka wakupsa. Thonje ndi lovuta, limatuluka lotuwa mukapanda kulikonza kaye. Poliyesita ndiye musavutike nayo, siigwira. Nchifukwa chake mumapeza malaya athonje adayika bwinobwino koma ulusi osokera watsala woyera mbee.

Ikani nsalu youma pa sikelo, tinene kuti ndi magalamu 100 a thonje. Iwiritseni ola limodzi mmadzi a sopo kuti mafuta ndi sitachi wa kufakitale zichoke. Mukadumpha apa idzatuluka mawangamawanga.

Kenako alamu, mchere woyera uja ooneka ngati timiyala tagalasi. Sungunulani magalamu 15 mmadzi otentha, nyikani nsalu ola limodzi, kapena igone momwemo. Kungoti alamu payekha sagwira bwino pa thonje, ndiye yambani mwainyika mu tiyi wakuda wophika kwambiri, ukatero alamu amapeza pokakamira, ngakhale tiyiyo amadetsako mtundu pang'ono. Ubweya sufuna zonsezi, magalamu 10 a alamu basi.

Makoko akhale magalamu 50. Aphikeni ola limodzi mupoto wosachita dzimbiri, sefani, ikani nsalu ili yonyowa ndipo muzitembenuza kwa mphindi 45 pamoto ochepa. Ngati ndi ubweya madzi asabwate ndipo musauchotse mmadzi otentha nkuuponya mu ozizira, umakwinyika nkulimba osabwereranso.

Apa ndiye pokoma. Dulani nsaluyo patatu musanainyike mu alamu, kachidutswa kamodzi kasalowemo. Kachidutswa kopanda alamu kamatuluka kofiirira motuwa ndipo kamasuluka msanga. Ka alamu kamatuluka kachikasu kowala ngati golide. Kachitatu, kamene kadutsanso mu alamu ndi mu utoto, kanyikeni mmadzi a dzimbiri, muona kakusintha pamaso panu pomwe kukhala kobiriwira modera.

Madzi a dzimbiriwo mumapanga nokha, misomali yadzimbiri mubotolo, viniga kapu imodzi madzi makapu awiri, zikhale masabata awiri osatseka kwambiri. Thirani masupuni ochepa chabe mubeseni la madzi, nsalu ikhalemo mphindi 5 kapena osafika. Chitsulo chikachuluka mtundu umada bii ndipo ubweya umakhakhala nkumathothoka. Beseni ndi supuni za dzimbiri zikhale pazokha, kadontho kamodzi kokha kamaika banga lakuda pa chikasu chija, ndipo mapoto onsewa musaphikiremonso chakudya.

Tsukuluzani mpaka madzi ayere, yanikani pamthunzi. Musaweruze mtundu nsalu ili yonyowa, ikauma mtundu umatuwako, ukachepa mphamvu ibwezereni mupoto kachiwiri.