Sikelo yamafuta ija musaikhulupirire kwambiri, makamaka kuno kotentha

Abale mukulimbitsa thupi kapena mukufuna kutsitsa mimba, nambala ya mafuta yomwe mukuyezayo ndiyongoyerekeza basi, kaya mwayeza ndi tepi, kalipa kapena sikelo yamagetsi.

Tepi ya atelala ija ndiyomwe aliyense angaipeze. Njira yake ndi ya asilikali apamadzi a ku Amerika, bambo amayeza kutalika, khosi pansi pa kholingo ndi mimba pamchombo, mayi amayeza kutalika, khosi ndi pochepa penipeni pa chiuno nkuwonjezera pamatako, kenako manambalawo mumalowetsa mu kakyuleta ya pafoni. Titenge bambo wa ku Moatize wotalika masentimita 170, khosi 38, mimba 90. Zimatuluka 21.5 peresenti. Koma akangobweza mimba mkati ikhale 88 zatsika kufika 20, akayeza atakhuta nsima ikhale 92 zakwera pafupifupi 23, munthu yemweyo tsiku lomwelo. Ndipo ngakhale muyeze bwino njirayi imaphonya ndi 3 kapena 4 mbali zonse, ndiye 21.5 uja atha kukhala 18 kapena 25.

Kalipa ndi kachitsulo kapena kapulasitiki kotsina khungu, amuna pachifuwa, pamimba ndi pantchafu, akazi kuseri kwa mkono, pamwamba pa fupa la chiuno ndi pantchafu, zonse mbali yakumanja. Katswiri amaphonyabe ndi 3 kapena 4, nanga mnzanu wongophunzira dzulo yemwe akutsinira limodzi ndi mnofu? Mafuta amkati mwamimba sikawaonanso.

Sikelo yamagetsi ndiyomwe imapusitsa anthu chifukwa imalemba 24.3 ngati ikudziwa zedi. Iyo imatumiza kamagetsi kochepa kuchokera phazi lina kupita linalo, magetsiwo amayenda mosavuta mumnofu poti muli madzi ambiri, mumafuta amavutika, ndiye imawerenga kuvutikako nkuyerekeza ndi zaka zanu ndi kutalika komwe mwaiuza komanso kulemera komwe yayeza. Kunena zoona ikuyeza madzi. Tsono ganizirani dzuwa la mu Okutobala mu mzinda wa Tete, mwatuluka thukuta tsiku lonse kapena dzulo munali pamowa, thupi lauma, sikelo ikuuzani kuti mafuta akwera pomwe simunanenepe olo pang'ono. Imatha kuphonya ndi 5 kapena kuposa, ndipo yopondapo chabe ija magetsi ake amazungulira kwambiri mmiyendo, mimba amangoikhudza pang'ono. Amene anaikidwa kabatire ka mtima asakwerepo.

Ine ndimati gwirani tepi. Yezani mmamawa mutachokera kuchimbudzi musanadye, tulutsani mpweya bwinobwino osabweza mimba, tepi ikhudze khungu osafinya, yezani katatu mutenge yapakati. Muzichita kamodzi pa sabata nkulemba mukope, mimba ikamatsika mwezi ndi mwezi ndiye kuti mafuta akuchokadi. Bambo wa 170 uja alondole kuti mimba ifike pansi pa 85, theka la kutalika kwake. Ngati sikelo munagula kale kwerani nthawi yomweyo yammawa, mapazi oyera, ndipo nambala yake musamaifananize ndi ya tepi kapena ya sikelo ya mnzanu.