Momwe mungasandutsire nkhani yolembedwa kukhala kanema wa masekondi 45

Nkhani ya mawu 700 singakwane yonse mu kanema wa masekondi 45. Ine ndinayesapo kuikakamiza. Ndinawerenga ndime zitatu zoyambirira mothamanga ngati wolengeza mpira pa wailesi, koma mnzanga ataonera anangofunsa kuti, "Ndiye iwe ukufuna tichite chiyani?" Ndinasowa choyankha.

Tiyerekeze kuti munalemba nkhani ya kolera, mliri uja unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. M'nkhanimo muli ziwerengero, mawu a akuluakulu a zaumoyo, katemera, kuthira mankhwala m'madzi akumwa, zimbudzi ndi Thanzi ORS. Zonsezi n'zofunika, koma kanema anyamula chimodzi chokha.

Poyamba, werengani nkhaniyo kamodzi, muitseke, kenako mulembe chiganizo chimodzi chimene mukufuna kuti woonera akauze mnzake. Musalembe mutu ngati "kuopsa kwa kolera", chifukwa palibe amene angachite nawo kanthu. Lembani chonchi: "Munthu akayamba kutsegula m'mimba zamadzimadzi, ayambe kumwa Thanzi ORS pompo, ali pa ulendo wa kuchipatala." Mukaona kuti chiganizo chanu chikufuna "komanso" kawiri, dziwani kuti muli ndi makanema atatu. Katemera adikire tsiku lake.

Kawirikawiri mfundo yotereyi sikhala pamwamba pa nkhani. Atolankhani timakonda kuyamba ndi zimene wanena mkulu wina pa msonkhano, pomwe chothandiza munthu wamba chimabisala cha ku ndime yachisanu ndi chiwiri. Kafukuleni komweko.

Chachiwiri, yezani kamwa lanu. Tsegulani wotchi ya pa foni, muwerenge mokweza kwa masekondi 15 ngati mukucheza ndi mlongo wanu, muwerengere mawu amene mwatchula, n'kuchulukitsa katatu. Amenewo ndiwo malire anu. Ine ndimapeza mawu 70 kapena kupitirira pang'ono, poti mawu athu ndi ataliatali: "akanakupulumutsani" ndi liwu limodzi papepala, koma pakamwa limadya nthawi.

Chachitatu, gawani pepala pakati. Kumanzere lembani chooneka, kumanja chomveka. Yathu ya kolera ingayende motere.

Masekondi 3 oyamba, dzanja likung'amba paketi ya Thanzi: "Kolera angaphe munthu m'maola ochepa chabe." Moni wautali, dzina la tsamba lanu ndi kanyimbo zisakhale pano, chala cha woonera sichidikira.

Mpaka sekondi 15, chikho cha madzi otsukira mpunga: "Chimbudzi chikamatuluka ngati madzi awa, thupi likutha madzi. Chimapha n'chimenecho." Chikhochi chikugwira ntchito ya ndime yathunthu ya m'nkhani ija, ndipo chakupulumutsani kujambula wodwala, zomwe simuyenera kuchita popanda chilolezo chake.

Mpaka sekondi 35, botolo la lita imodzi: "Thirani paketi yonse mu lita imodzi ya madzi owiritsa amene azizira. Takasani. Mpatseni pang'onopang'ono, pafupipafupi. Akasanza, dikirani mphindi 10 muyambirenso."

Masekondi otsala, mayi akukwera kabaza botolo lili m'manja: "Musadikire kuti kuche. Nyamukani, azimwa m'njira."

Onani kuti ziwerengero zambiri zija zatsala panja. Khutu siligwira manambala atatu motsatizana, ndiye sungani okhawo amene munthu agwiritse ntchito, monga lita imodzi ndi mphindi 10. Ziganizo za m'nyuzi zonga "izi zadziwika pomwe..." ziduleni, chilichonse chithe ndi mpweya umodzi. Koma podula samalani ndi timawu monga "akuti" ndi "akuganiziridwa". Mukachotsa "akuganiziridwa kuti anaba" n'kusiya "anaba" kuti musunge sekondi imodzi, mwaweruza munthu amene khoti silinamupeze wolakwa.

Chachinayi, sankhani mawu olembedwa pa kanemayo, chifukwa ambiri amaonera mu minibasi foni ili chete. Mawu anayi kapena asanu pa nthawi imodzi akwana: "Paketi imodzi, lita imodzi." Jambulani foni ili choimirira, pa muyeso wa 9:16, ndipo mawuwo akhale chapakati, poti pa TikTok m'munsi ndi kumanja mumadzaza mabatani ndi dzina lanu.

Musanajambule, muwerengereni munthu amene sanaone nkhani ija, kamodzi kokha, kenako mumufunse chimene wamva. Akati "zokhudza kolera", bwererani ku chiganizo chanu choyamba mudule zonse zosachithandiza. Akati "Thanzi, lita imodzi, kuchipatala", pukutani galasi la kamera muyambe kujambula.