Momwe mungayendetsere mawu a nyimbo pa kanema kuti agwirizane ndi woyimba ndiponso aziwerengeka pafoni

Makwaya ambiri a Chichewa kuno ku Harare, kaya ndi a ku Mbare, Mufakose kapena Mabvuku, akajambula nyimbo sakhala ndi ndalama zojambulira kanema wa anthu, choncho amakonda kanema wa mawu okha, amene amatulukira, kuyenda ndi kuzimiririka potsatira nyimbo. Kanema wotere ali ndi ntchito yapadera pakati pathu, chifukwa ana ambiri obadwira kuno amayankhula Chishona tsiku lonse, ndipo Chichewa amachimva bwino akamachionanso cholembedwa. Mfundo imene ndimaiumirira ndi yakuti liwu lililonse liyenera kukhala litaima kale, lowerengeka, pa nthawi imene woyimba akulitchula. Tigwiritsa ntchito mzere uwu ngati chitsanzo: “Ndidzakutamandani m'mawa ndi madzulo.”

Yambani ndi masamu a nyimbo

Musanalembe chilembo chilichonse, funsani amene anajambula nyimboyo kuti akuuzeni BPM yake, kutanthauza kuchuluka kwa kugunda kwa nyimbo pa mphindi imodzi. Kenaka sankhani kuchuluka kwa mafulemu pa sekondi, kutanthauza zithunzi zimene zimatsatizana n'kupanga kanema, ndipo musadzasinthenso ntchito ili mkati. Ngati mwasankha mafulemu 30, kugunda kumodzi kumatenga mafulemu awa:

```
30 x 60 / BPM
```

Nyimbo ya BPM 120 imapereka mafulemu 15 ndendende, ndipo ya 90 imapereka 20. Koma tinene kuti nyimbo yathu ndi ya BPM 96. Apa yankho ndi 18.75, ndipo fulemu siduka pakati. Ambiri amangoti 19 n'kumakopera mtunda womwewo mpaka kumapeto, osazindikira kuti pa kugunda kulikonse akuwonjezera gawo limodzi mwa magawo anayi a fulemu. Pofika pa kugunda kwa nambala 64, komwe ndi masekondi 40 okha, mawu amakhala atatsalira ndi mafulemu 16, kuposa theka la sekondi. Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuchidziwa: ndime yoyamba imagwirizana bwino, koma kolasi yachiwiri imaoneka ngati mawu akuthamangira woyimba m'mbuyo. Njira yake ndi kuwerengera m'magulu a kugunda kunayi, chifukwa 18.75 kuchulukitsa ndi 4 ndi 75 ndendende. Ikani chizindikiro chachikulu pa mafulemu 75 aliwonse, ndipo pakati pake muike pa 19, 38 ndi 56.

Masamu amenewa amagwira ntchito pokhapokha nyimbo itajambulidwa motsatira makina osunga liwiro. Kwaya yojambulidwa m'tchalitchi imafulumira ikafika pokoma n'kubwerera pa ndime yotsatira, motero zizindikiro zake muziika ndi dzanja.

Ikani zizindikiro pa mawu a woyimba

Seweretsani nyimbo, ndipo muzidina batani loikira chizindikiro pamene liwu lililonse likuyamba. Mu mapulogalamu okonzera kanema a Premiere Pro ndi DaVinci Resolve batani lake ndi M, pomwe mu After Effects ndi * wa mbali ya manambala. Gwiritsani ntchito mahedifoni a waya. Nthawi ina ndinaika zizindikiro za nyimbo yonse nditavala a Bluetooth, ndipo nditaimvetsera pa sipika ndinapeza liwu lililonse litachedwa mofanana, chifukwa mahedifoni oterewo amafikitsa phokoso kukhutu mochedwerako pang'ono.

Ngakhale ndi waya womwe, chala chimadina khutu litamva kale, choncho kulitsani chithunzi cha mafunde a phokoso n'kukokera chizindikiro chilichonse pamene funde la liwulo likuyamba kutukuka. Ngati mungathe, pemphani fayilo ya mawu a woyimba okha opanda zida, chifukwa ng'oma ndi besi zimabisa mafunde amenewa. Kumbukiraninso kuti woyimba nthawi zambiri amalowa kugunda kusanafike. Mu chitsanzo chathu akhoza kuyamba “ndi-dza” m'mbuyo pang'ono kuti “ku” agwere pa ng'oma, ndipo malemba ayenera kutsata pakamwa pake, osati ng'omayo.

Liwu lifike msanga

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amayambitsa kuyenda kwa liwu pa chizindikiro penipeni, ndiye ngati kuyendako kumatenga mafulemu 8, liwulo limawerengeka woyimba atalidutsa kale. Chizindikiro chikhale mathero a kuyenda, osati chiyambi chake, ndipo ndi bwino liwu litaima mafulemu 2 kapena 3 chizindikirocho chisanakwane, kuti diso lipeze mpata wowerenga. Ngati “m'mawa” akumveka pa fulemu 150, yambitsani kuyenda kwake pa 139 kuti aime pa 147. Mu After Effects, batani la F9 limaika Easy Ease, imene imachititsa kuti liwu liime mofewa m'malo mogunda ngati chitseko.

Likaima, lisiyeni. Musalichotse litangoimbidwa, koma mzere wonse ukhalebe mpaka utatha, chifukwa wowerenga amafuna kuona chiganizo chathunthu. Mayendedwe amphamvu, monga kukula mwadzidzidzi kapena kugwedezeka, muwasungire liwu limodzi lofunika pa mzere uliwonse.

Mawu athu ndi aatali

Zokonzeratu zambiri za m'mapulogalamu zinapangidwira Chingerezi, chimene chili ndi mawu ambiri aafupi. “Ndidzakutamandani” ndi liwu limodzi la zilembo 17 ndi maphatikizo 7, ndipo woyimba akhoza kulikoka kwa masekondi awiri kapena atatu. Likangotulukira lonse n'kuima chete, kanema amaoneka wakufa. Likamatulukira chilembo chimodzichimodzi, limagwedera mosagwirizana ndi nyimbo. Chimene chimayenda bwino ndi kulionetsa lonse mu mtundu wozimiririka pang'ono, kenaka n'kumawalitsa phatikizo lililonse pamene likuimbidwa: ndi-dza-ku-ta-ma-nda-ni. Pogawa, kumbukirani kuti phatikizo la Chichewa kawirikawiri limathera pa lembo la liwu, choncho “nda” sagawidwa kukhala “n” ndi “da”. Ndaonapo kanema wolembedwa “taman” pamwamba ndi “dani” pansi, ndipo amayi ena achikulire amene anali kutsatira mawuwo poimba anapunthwa pomwepo.

Kukula kwa malemba pa sikirini yaing'ono

Kanema woimirira amakhala wa mapikiselo 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali. Mapikiselo ndi timadontho timene timapanga chithunzi pa sikirini. Mukasiya mapikiselo 120 mbali iliyonse, mumatsala ndi 840. Pa fonti yonenepa yopanda zokongoletsa, chilembo chimodzi chimatenga pafupifupi magawo 6 mwa 10 a kukula kwa fontiyo, motero pa kukula kwa 80 liwu lathu lija limatenga pafupifupi 816 n'kukwana, pomwe pa 100 limafika pa 1020 n'kusefukira. Nchifukwa chake muyenera kuyamba mwapeza liwu lalitali koposa m'nyimbo yonse, kuti ilo likuuzeni kukula kwa fonti. Ine sinditsika pansi pa 60, ndipo sindiika mizere yoposa iwiri kapena itatu nthawi imodzi. Ngati mumalemba ŵ, yesani kaye ngati fontiyo ili naye, chifukwa ina imaika kabokosi m'malo mwake.

Malemba akhale chapakati, popeza TikTok ndi Instagram zimaphimba m'munsi ndi mbali ya kumanja ndi mabatani awo. Mawu oyera pa chithunzi chowala amasowa, choncho detsani chithunzi chakumbuyo kapena ikani kansalu kakuda kumbuyo kwa mawu.

Pomaliza, dzitumizireni kanemayo pa WhatsApp, chifukwa ndi mmene ambiri adzamulandirire, ndipo WhatsApp imafinya kanema kuti achepe, zomwe zimasungunula malemba opyapyala ndi timadontho touluka kumbuyo. Mutsegule pa foni yaing'ono koposa imene ili pakhomo, mutuluke nayo panja masana, mutseke phokoso, kenaka mupatse munthu amene sadziwa nyimboyo kuti awerenge mokweza. Mzere uliwonse umene wakakamira kapena kulephera kuumaliza, muulembe nthawi yake, mubwerere pa kompyuta, ndipo muuchepetse mawu kapena muuwonjezere mafulemu.