Fomu yabwera pa foni ngati chithunzi: momwe mungachongere kabokosi koyenera

Kuno ku Mulanje, ukangodziwika kuti umawerenga Chingerezi, foni yako imasanduka ofesi. Wachibale ali ku Thekerani wapatsidwa fomu ya thandizo la fizi, wina ku Limbuli ali ndi fomu yofunsira ntchito ku esiteti, onse amangojambula n'kutumiza pa WhatsApp: "Tandiuzeni, ndichonge pati?" Ine ndimakhala pa Chitakale ndipo ndathandiza anthu ambiri m'njira imeneyi. Kamodzi ndinalakwitsa moti mwana wa achemwali anga anabwezedwa ndi fomu m'manja, ndiye zimene ndikulemba apazi ndinaziphunzira mowawa.

Yambani n'kukana chithunzi choipa

Musayankhe funso lililonse chithunzi chisanakhale bwino. Amene ali ndi pepalayo aliyale pamalo osalala, patebulo kapena pasimenti ya pakhonde, masana koma pamthunzi. Padzuwa lenileni pepala limanyezimira ndipo timizere ta timabokosi timazimiririka. Fulashi usiku imachitanso chimodzimodzi, imasiya chigamba choyera pakati pa tsamba. Masiku a chiperoni, kunja kuli bii, kuli bwino kudikira mpaka kuyere. Ngati pepala linapindidwa m'thumba, alitsendereze m'makona ndi timiyala, koma timiyalato tisaphimbe chilichonse cholembedwa.

Foni ikhale pamwamba penipeni pa pepala, yogona ngati mmene pepalalo lagonera. Munthu akajambula atakhala pampando, foni itapendekeka, mizere ya kumtunda imapanikizana ndipo mawu a mzere wina amaoneka ngati ali pa mzere wa mnzake. Chofunika kwambiri n'chakuti makona onse anayi a pepala azioneka, ndi kampata ka tebulo kuzungulira. Kona imodzi ikasowa, muuzeni ajambulenso, ngakhale adandaule za bandulo.

Ine ndimapempha zithunzi zinayi pa tsamba limodzi: chimodzi cha tsamba lonse, kenako zitatu zapafupi, kumtunda, pakati ndi kumunsi. Chilichonse chibwereze mzere womaliza wa chinzake kuti pasakhale mzere wogwera pampata. Potumiza asankhe HD, kapena atumize ngati Document, chifukwa chithunzi chotumiza mwamasiku onse WhatsApp imachifinya ndipo zilembo zing'onozing'ono zimaphwanyika. Zimadya bandulo yochulukirapo, inde, koma sizingafike pa mtengo wa kabaza wobwerera kukatenga fomu ina.

Werengani timabokosi, werenganinso mawu

Apa ndi pamene ndinagwera. Mnyamatayo anali atasankhidwa kupita kusekondale, bambo ake anamwalira, mayi ake, achemwali angawo, alipo ndipo amathyola tiyi. Pa fomu panali mzere wofunsa za makolo. Pa chithunzi chimene ananditumizira unkaoneka chonchi:

```
Both parents alive   [ ] Single orphan   [ ] Double orphan
```

Single orphan ndi mwana amene kholo limodzi linamwalira, Double orphan ndi amene onse awiri anapita. Izi ndinkazidziwa bwino lomwe. Ndinaona mzere ukuyamba ndi mawu, ndiye ndinaganiza kuti pa fomu imeneyi kabokosi kamabwera mawu akatha. Ndinatsegula chithunzicho, ndi kapensulo ka pa WhatsApp kaja n'kuchonga kabokosi kobwera pambuyo pa Single orphan, n'kumubwezera. Iye anangokopera ndi bolopeni, monga mmene mwana amachitira amalume ake akanena.

Pa pepala lenileni mzerewo unali wotere:

```
[ ] Both parents alive   [ ] Single orphan   [ ] Double orphan
```

Kabokosi koyamba kanadulidwa pojambula, kanatsalira kunja kwa chithunzi. Choncho kabokosi kalikonse kanali ka mawu a kumanja kwake, ndipo ine ndinamuchongetsa kuti makolo onse awiri anamwalira. Kalata ya amfumu imene anaphatikiza inkanena kuti mayi alipo. Kumene anakapereka anaona kuti zinthu ziwirizi zikutsutsana, anamufunsa mafunso ngati wagwidwa akunama, n'kumuuza akatenge fomu yatsopano ndi kukadinditsanso kwa amfumu. Madzulo anandiimbira, mawu ali pansi: "Amalume, akuti ndawapha amayi papepala." Achemwali anga mpaka lero amandinena nazo tikakumana pamaliro.

Chimene chimandipweteka n'chakuti chizindikiro chinalipo poyera. Mayankho anali atatu, timabokosi tiwiri. Ndikanangowerenga ndikanadziwa kuti kena kasowa. Ndiye tsopano pa mzere uliwonse wa timabokosi ndimachita zinthu zitatu ndisanatsegule pakamwa.

Choyamba ndimawerenga mayankho ndi timabokosi, ziyenera kufanana. Zikasiyana, chithunzi chadula kanthu kapena fotokope inafufuta kabokosi, ndipo ndimafunsa amene ali ndi pepalayo awerenge yekha ndi chala. Chachiwiri ndimayang'ana nsonga zonse ziwiri za mzere. Mzere ukayamba ndi kabokosi n'kuthera pa mawu, kabokosi kali kumanzere kwa mawu ake. Ukayamba ndi mawu n'kuthera pa kabokosi, kali kumanja. Mzere woyamba ndi mawu n'kutheranso pa mawu, ngati wanga uja, ndi wodulidwa basi. Chachitatu ndimakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri n'kuona mpata: nthawi zambiri kabokosi kamayandikana ndi mawu ake kuposa a mnzake. Ichi chachitatu musachidalire chokha, pali mafomu otayipidwa mothamanga amene mipata yake imangofanana.

Ndipo musaganize kuti fomu yonse imatsata njira imodzi. Ndinaonapo ina imene pa Male ndi Female timabokosi tinali kumanja, koma pa Single, Married, Divorced, Widowed tinali kumanzere, tsamba lomwelo. Mzere uliwonse uyesedwe pawokha.

Pamwamba pa timabokosi pamakhalanso timawu ting'onoting'ono timene anthu amatidumpha. Tick one ndiye kuti chongani kamodzi kokha, Tick all that apply ndiye kuti chongani tonse tokukhudzani. Mafomu ena amafuna mtanda m'malo mwa kuchonga, ena amati muzungulize yankho. Chitani zimene alemba.

Dzina la mpata lili pamwamba kapena pansi pa mzere?

Vuto lomweli limabweranso pa mipata yolembamo. Mafomu ambiri amaika dzina la mpata kumanzere kapena pamwamba, koma ena, makamaka posaina, amaliika pansi pa mzere. Mizere ikakhala itatu yotsatizana, munthu amalemba dzina lake loyamba pamene pamafunika la bambo. Njira yake ndi yomwe ija ya nsonga: onani chigawocho chikuyamba ndi chiyani. Chikayamba ndi mzere wopanda kanthu, mawu n'kubwera pansi, ndiye kuti mayina onse ali pansi pa mizere yake.

Surname lembani monga zilili pa chiphaso cha unzika, kapena kwa mwana wasukulu monga zilili m'kaundula wa kusukulu, osati mfunda umene amakuitanirani kumudzi. Home district ndi District of residence n'zosiyana, ndipo kuno zimasokoneza ambiri chifukwa anthu a m'maesiteti anachokera kwina. Munthu wa ku Phalombe amene akukhala m'nyumba za kampani ku Thyolo, kwawo ndi Phalombe, kokhala ndi Thyolo. Mpata wa T/A ndi Village umatsata boma limene uli pansi pake: ngati uli pansi pa kwawo, musalembepo Bvumbwe kapena Nchilamwela chifukwa choti ndi kumene akugona lero. Next of kin si amene akukulemberani fomuyo, ndi wachibale woti angamufune zinthu zikavuta.

Tsiku lobadwa likakhala ndi timabokosi 8 ndi DD/MM/YYYY, nambala imodzi pa kabokosi kamodzi, ziro osamusiya. Wobadwa pa 3 Febuluwale 2009 alembe 03 02 2009. Timabokosi timeneti n'timene timasowa msanga pa fotokope ya fotokope.

Ponena za fotokope, samalani ndi timashopu tina. Ndinapita pena kukasindikiza fomu kuchokera pa chithunzi, mnyamata wa pamenepo anati chithunzi n'chakuda, ayitayipenso yekha. Anandilipiritsa ngati watayipa kalata, ndipo nditafananiza ndinapeza wasiya mzere wathunthu, timabokosi tina wasinthanitsa mbali. Fomu yotayipidwanso si fomu ya eni ake. Palinso aja amagulitsa mafomu a ntchito m'magulu a WhatsApp, amvekere tumizani kaye ndalama pa foni. Kafunseni ku ofesi yeniyeniyo musanatumize tambala.

Kumuuza mnzanuyo

Kuchonga pa chithunzi n'kumubwezera ndinasiya, kupatula ngati makona anayi akuoneka. Kunena kuti "chonga kabokosi kachiwiri" ndinasiyanso, chifukwa kachiwiri ka pa foni yanga mwina si kachiwiri ka pa pepala lake. Ndimatchula mawu ndi mbali: "Pa funso nambala 7, peza mawu akuti Single orphan, chonga kabokosi kali kumanzere kwake." Ngati sawerenga Chingerezi, ndimamutchulira zilembo zitatu zoyambirira, iye azipeze n'kundiwerengera zotsalazo. Uthenga umodzi, funso limodzi. Uthenga wamawu wa mphindi zisanu wokhala ndi mayankho khumi palibe amene amautsatira.

Ayambe ndi pensulo, mopepuka, kapena achititse fotokope imodzi yoyeserera. Akatha ajambulenso n'kukutumizirani, inu mufananize mzere ndi mzere, kenako ndi pamene alembe ndi bolopeni yakuda kapena yabuluu. Pakalembedwa BLOCK LETTERS ndi zilembo zazikulu zokhazokha. Pamene alemba For official use only asakhudzepo. Kuchongako kukhale m'kati mwa kabokosi, mchira usalowe mwa kena. Zofufuta ndi utoto woyera uja maofesi ambiri sakondwera nazo. Atembenuze pepala aone ngati kuseri kulinso mafunso, asaine, alembe tsiku, ndipo ajambule komaliza fomu yodzazayo asanakapereke.