Kalata yopempha ngongole ya ng'ombe za bere

"Ndili ku Chikwawa, ndikufuna ngongole yogulira ng'ombe ziwiri zamkaka za bere loyamba. Kalata ndilembe bwanji?"

Yambani ndi dzina, mudzi ndi ndalama zomwe mukupempha, muwerengeremo thiransipoti ndi mankhwala a nkhupakupa. Kenako fotokozani ng'ombezo: mtundu wake, wogulitsa, ndipo muphatikize chikalata cha dokotala wa ziweto chotsimikiza bere.

Apa ndipo pagona nkhani: ng'ombe imatenga bere miyezi 9. Ngati bere lili pa miyezi 6, mkaka uyamba pakatha miyezi 3, choncho pemphani kuti kubweza kudzayambe mwezi wachinayi.

Ku Chikwawa kumatentha, ng'ombe ya Frizhani yeniyeni imavutika; lembani ng'ombe zamtundu wosakaniza, khola lamthunzi, pamtunda posafika madzi osefukira. Malizani ndi chikole komanso wogula mkaka wanu.